Maola amene sanalipidwe: kalata ya wogulitsa m'sitolo kwa bwana wake

Mwezi wa Disembala ukafika, masitolo a ku Limbe, a ku Malangalanga ku Lilongwe ndi a mumzinda wa Mzuzu satseka nthawi yake. Belu la 5 koloko limapita anthu akadali pamzere, wina wanyamula nsalu, wina mapoto, wina nsapato za ana. Mwini sitolo sangathamangitse ndalama, choncho chitseko chimakhala chotsegula mpaka mdima. Amene amaimirira kuseri kwa kauntala nthawi yonseyo ndi wantchito, ndipo akafunsa za maola owonjezerawo yankho lake limadziwika kale: "Tidzaona kumapeto kwa mwezi."

Kumapeto kwa mwezi kukafika, ambiri amalandira malipiro omwe aja, mwina ndi kenakake pamwamba. Amang'ung'udza pamalo okwerera minibasi, amadandaulira anzawo, koma sadziwa kuti ndalama yosowayo ndi ingati. Apa ndi pamene nkhani zambiri zimafera. Bwana amene wamva kuti "mwatidyera ndalama" amakwiya kapena kuseka. Bwana amene walandira pepala lolembedwa kuti pa 20 Disembala wantchito anaweruka 8 koloko usiku, maola atatu pa K1,500 ola lililonse, alibe pothawira kupatula kuvomera kapena kusonyeza pamene palakwika.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze za mayi wina wogulitsa m'sitolo ya zovala ndi ziwiya zapanyumba. Ndi chitsanzo chabe, koma masiku ake ndi a pa kalendala yeniyeni ya Disembala 2025, ndipo masamu ake akutsata lamulo la dziko lino. Mayiyu amalowa 8 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo amapuma ola limodzi masana. Lamulungu ndi tsiku lake lopuma. Pamwezi amalandira K208,000. Mu Disembala anagwira maola ambiri owonjezera, ndipo pa malipiro a mweziwo bwana anamuwonjezera K30,000 n'kunena kuti "iyi ndi ya ovataimu". Anamupatsanso jumbo ya Khrisimasi: shuga, mpunga ndi botolo la mafuta ophikira.

Zimene lamulo limanena

Lamulo loona za kulembana ntchito m'Malawi linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000. Ndime 36 imati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Kwa munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, monga mayi wathuyu, amenewo ndi maola asanu ndi atatu patsiku. Ndime yomweyo imatinso wantchito asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi motsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu.

Ndime 39 ndiyo msana wa kalata yonse. Imagawa ovataimu m'mitundu itatu. Woyamba ndi wa tsiku lantchito, pamene munthu wapitirira maola ake a masiku onse. Umenewu amalipira ndalama ya ola limodzi ndi theka lake pamwamba. Wachiwiri ndi wa tsiku lopuma, pamene munthu waitanidwa kuntchito tsiku limene akanakhala pakhomo, ndipo amalipira kawiri. Wachitatu ndi wa tsiku la tchuthi cha boma, monga Khrisimasi, tsiku lotsatira Khrisimasi, tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale kapena 6 Julaye, ndipo nawonso amalipira kawiri. Lamulo limati "zosachepera" milingo imeneyi, kutanthauza kuti bwana akhoza kupereka zambiri koma sangatsike pansi pake, ngakhale atagwirizana ndi wantchito pakamwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti mlingo wa kawiri ndi wa Lamulungu basi. Si choncho. Chimene lamulo limayang'ana ndi tsiku lopuma la wantchitoyo. Wogulitsa m'sitolo imene imatsegula Lamulungu, amene anagwirizana ndi bwana kuti azipuma Lachiwiri, akaitanidwa Lachiwirilo ndiye kuti wagwira ovataimu wa tsiku lopuma, pamene Lamulungu kwa iye ndi tsiku lantchito ngati ena onse.

Mtengo wa ola limodzi

Munthu wolipidwa pamwezi sadziwa mtengo wa ola lake, chifukwa palibe anamuuzapo. Koma popanda nambala imeneyi tebulo silingayambike. Masamu ake ndi awa: malipiro a pamwezi agawidwe ndi masiku 26, kenako zotsatirazo zigawidwe ndi maola asanu ndi atatu. Kwa mayi wathu, K208,000 kugawa ndi 26 ndi K8,000 patsiku, ndipo K8,000 kugawa ndi 8 ndi K1,000 pa ola. Ovataimu wa tsiku lantchito ndiye ndi K1,500 pa ola, wa tsiku lopuma ndi wa tchuthi ndi K2,000.

Nanga 26 wachokera kuti, poti mwezi uli ndi masiku 30 kapena 31? Wachokera pa masiku amene munthu wogwira Lolemba mpaka Loweruka amagwiradi: masabata 52 pachaka, masiku asanu ndi limodzi sabata iliyonse, ndi masiku 312, ndipo kugawa ndi miyezi 12 kumapereka 26. Boma lomwe limawerengera chimodzimodzi likamalengeza malipiro otsikitsitsa. M'chaka cha 2024 linaika K90,000 pamwezi, imene patsiku inali K3,461.54, ndipo aliyense wokhala ndi foni akhoza kuona kuti K90,000 kugawa ndi 26 kumapereka nambala imeneyo.

Pamenepa mpofunika kukhala tcheru, chifukwa ndi pamene ndalama imatayikira mwakachetechete. Akalaliki ena amagawa ndi 30. Akatero, ola la mayi wathu limatsika kuchoka pa K1,000 kufika pafupifupi K867. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma pa maola onse a Disembala kukanamudyera K13,400, bwana atavomera ola lililonse ndi mlingo uliwonse. N'chifukwa chake kalata yabwino imaonetsa poyera mmene mtengo wa ola wapezekera, kuti ngati pali kusamvana kuonekere pomwepo.

Kabuku ka maola

Tebulo silibadwa tsiku lolemba kalata. Limabadwa usiku uliwonse pamene wantchito wafika pakhomo n'kulemba m'kope nthawi imene walowa, imene waweruka, ndi ntchito imene inamuchedwetsa. Mzere umodzi ndi wokwanira: "Loweruka 20 Disembala, 8 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kugulitsa ndi kutsitsa katundu m'galimoto." Zolembedwa tsiku lomwelo zimakhala ndi mphamvu kuposa zokumbukira pakatha miyezi itatu, chifukwa masiku a Disembala m'sitolo amafanana onse, ndipo mutu umawasokoneza.

Kopelo likhale ndi mboni zake. M'masitolo ambiri muli buku losainira polowa ndi potuluka, ndipo ngati lilipo wantchito alembe nthawi yeniyeni, osati 5 koloko ya chizolowezi pamene watuluka 7. Ambiri amadzipweteka okha pamenepa, chifukwa tsiku la mkangano bwana amatulutsa buku lokhala ndi siginecha yawo. Malisiti a pa makina ogulitsira amasindikiza tsiku ndi nthawi, choncho lisiti la 7:42 madzulo limasonyeza kuti sitolo inali yotsegula. Uthenga wa pa WhatsApp woti "mawa Lamulungu mubwere tidzawerenge katundu" usafufutidwe. Mlonda amene amaona zitseko zikutsekedwa ndi mboni, ngakhale kuti nayenso ali pantchito ndipo mwina sangafune kulankhula. Uthenga wa Airtel Money, Mpamba kapena wa kubanki umasonyeza ndalama imene inalowadi.

Pali malire ake. Kusunga uthenga wa pafoni yako ndi kope lako n'koyenera, koma kutenga mabuku a sitolo kupita nawo kunyumba kukhoza kusandutsa wodandaula kukhala woimbidwa mlandu. Kalata ingonena kuti buku losainira ndi malisiti zilipo ndipo zikhoza kuonedwa.

Mayi wathu atakhala pansi ndi kope lake, anachita zinthu zitatu zimene zinachepetsa ndalama yake koma zinalimbitsa kalata. Choyamba, anachotsa ola lopuma masana pa masiku onse amene anapumadi. Kuchokera 8 koloko mpaka 7 koloko usiku ndi maola 11, koma ogwira ntchito ndi 10, choncho owonjezera ndi awiri, osati atatu. Chachiwiri, Lachitatu pa 10 Disembala kunagwa mvula yamphamvu ndipo anafika 9 koloko. Tsikulo anaweruka 7 koloko monga anzake, koma analemba ola limodzi lokha la ovataimu. Chachitatu, akukumbukira kuti pa 30 Disembala anachedwa kuweruka, koma m'kope mulibe kanthu. Tsikulo analisiya.

Ena anganene kuti kumeneko n'kudzimana. Koma bwana akalandira tebulo sayamba n'kuwerenga zonse, amafufuza mzere umodzi wolakwika. Akaupeza, nkhani imasiya kukhala ya maola 60 n'kukhala ya ola limodzi labodzalo, ndipo wantchito amatuluka mu ofesi akupepesa. Kusiya K1,500 yokayikitsa kuti K70,500 yotsimikizika iime n'kwanzeru.

Kalata yeniyeniyo

Kalata ikhoza kulembedwa m'Chichewa. Ikhoza kulembedwanso pamanja, bola manambala aziwerengeka. Pamwamba pakhale dzina ndi keyala ya wolemba, tsiku, ndi dzina la sitolo. Ya mayi wathu inali motere:

5 Januwale 2026

Kwa Bwana Mwini Sitolo,

PEMPHO LA NDALAMA ZOTSALA ZA OVATAIMU WA DISEMBALA 2025

Bwana, ndalemba kalatayi mwaulemu kupempha kuti muonenso malipiro anga a ovataimu a mwezi wa Disembala 2025.

Ndimagwira ntchito yogulitsa m'sitolo yanu kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo ndimapuma ola limodzi masana. Malipiro anga ndi K208,000 pamwezi. Kugawa ndi masiku 26 ndi K8,000 patsiku, ndipo kugawa ndi maola 8 ndi K1,000 pa ola. Malinga ndi ndime 39 ya lamulo la zantchito la 2000, ovataimu wa tsiku lantchito ndi K1,500 pa ola, ndipo wa tsiku lopuma ndi wa tchuthi ndi K2,000 pa ola.

Maola amene ndinagwira ndi awa:

| Masiku | Nthawi yoweruka | Mtundu | Maola | Pa ola | Zonse |
|---|---|---|---|---|---|
| 1 mpaka 6 Disembala | 6 koloko | Tsiku lantchito | 6 | K1,500 | K9,000 |
| 8 mpaka 13 Disembala | 7 koloko | Tsiku lantchito | 11 | K1,500 | K16,500 |
| 15 mpaka 20 Disembala | 7 koloko, Loweruka 8 koloko | Tsiku lantchito | 13 | K1,500 | K19,500 |
| Lamulungu 21 Disembala | 5 koloko | Tsiku lopuma | 8 | K2,000 | K16,000 |
| 22 mpaka 24 Disembala | 8 koloko | Tsiku lantchito | 9 | K1,500 | K13,500 |
| Lachisanu 26 Disembala | 5 koloko | Tchuthi | 8 | K2,000 | K16,000 |
| Lamulungu 28 Disembala | 1 koloko masana | Tsiku lopuma | 5 | K2,000 | K10,000 |
| Zonse pamodzi | | | 60 | | K100,500 |
| Zimene ndinalandira | | | | | K30,000 |
| Zotsala | | | | | K70,500 |

Pa 10 Disembala ndinafika mochedwa ndi ola limodzi, ndipo ola limenelo ndalichotsa. Ndikuthokoza chifukwa cha K30,000 imene munandipatsa pa 31 Disembala, ndipo ndaichotsanso. Ndaphatikiza pepala losonyeza tsiku lililonse palokha. Nthawi zimenezi zikhoza kuonedwa m'buku losainira ndi pa malisiti a sitolo.

Ndikupempha kuti mundiyankhe pofika Lolemba pa 19 Januwale 2026, ndipo kuti K70,500 yotsalayi ilipidwe pamodzi ndi malipiro a Januwale. Ngati mabuku anu akusiyana ndi tebulo langa, ndili wokonzeka kukhala nanu pansi kuti tione pamodzi.

Ine wanu wantchito,

(dzina ndi siginecha)

Ikuoneka yosavuta, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira. Koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Mutu ukunena mwezi, kuti kalatayo isasokonezeke ndi nkhani ina. Ndime yachiwiri ikuika poyera zinthu zimene bwana sangakane, zomwe ndi maola a masiku onse ndi malipiro. Lamulo latchulidwa kamodzi kokha, mwa nambala yake, popanda kuliwerenga lonse ngati loya. Tebulo lili ndi mizere isanu ndi iwiri chabe kuti bwana alione ndi diso limodzi, ndipo tsatanetsatane wa tsiku ndi tsiku ali pa pepala lina kwa wofuna kufufuza.

Mizere itatu yomaliza ya tebulo ndiyo imaulula zimene zinachitikadi. K30,000 ija, imene inaoneka ngati chisomo tsiku lolandira, ikagawidwa ndi maola 60 imakhala K500 pa ola. Ndiye kuti mayiyu anagwira usiku, Lamulungu ndi tsiku la tchuthi pa theka la mtengo wa ola lake la masana. Mwina bwanayo sanawerengepo n'komwe. Eni masitolo ang'onoang'ono ambiri alibe kalaliki wa malipiro, amangoyerekeza ndalama imene ikuoneka yokwanira n'kuiika mu envelopu. Kwa bwana wotere tebulo ndi thandizo, chifukwa likumuchitira masamu amene iye sanachite.

Jumbo ya Khrisimasi sinalowe m'tebulo, ndipo n'zoyenera. Mphatso ndi mphatso. Munthu amathokoza pakamwa, koma shuga ndi mpunga sizilowa m'malo mwa ndalama ya maola. K30,000 yalowa chifukwa bwana anaitchula yekha kuti ndi ya ovataimu. Kuibisa kukanakhala kunama, ndipo kukanaululika tsiku lomwelo.

Zimene kalatayo sinanene n'zofunikanso. Mulibe mawu akuti kuba kapena nkhanza. Mulibe zoti mnzake wa pa shelefu ya nsapato analandira zambiri. Mulibe nkhani ya lendi, fizi ya ana kapena kukwera kwa mtengo wa chimanga, ngakhale kuti zonsezo n'zoona ndipo zikumupweteka. Munthu akalemba za mavuto ake, pempho limasanduka kupempha chifundo, ndipo chifundo bwana akhoza kuchipereka kapena kuchimana. Ndalama ya ovataimu ndi ngongole ya ntchito yogwiridwa kale. Mulibenso kuopseza kuti "ndikapita ku leba". Khomo limenelo lilipo ndipo onse awiri akulidziwa, koma kalata yoyamba ndi yopatsa bwana mpata wokonza zinthu nkhope yake isanagwe.

Palinso chinthu china chimene tebulo likuonetsa ngakhale kalata sinachitchule. Kuyambira Lolemba pa 15 mpaka Lachitatu pa 24 Disembala, mayiyu anagwira masiku khumi motsatizana osapuma, pamene lamulo limati asapitirire asanu ndi limodzi. Kulipira kawiri pa 21 Disembala kumabweza ndalama, koma sikubweza mpumulo. Imeneyi ndi nkhani yoyenera kukambidwa payokha, makamaka Disembala wina asanafike. Kuiphatikiza m'kalata ya ndalama kukanangochulutsa mitu.

Kupereka kalata

Kalata ilembedwe ziwiri, kapena ichitidwe fotokope. Imodzi ipite kwa bwana, inayo bwana kapena manijala asainepo ndi kulemba tsiku limene walandira, ndipo ibwerere kwa mwini wake. Akakana kusaina, wantchito apereke pamaso pa mnzake, alembe m'kope tsiku ndi nthawi, kenako atumize chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp ndi mawu aulemu akuti "Bwana, iyi ndi kalata ndakupatsani lero." Nthawi yoperekera isankhidwe bwino. M'mawa sitolo isanadzaze ndi bwino kuposa pamaso pa makasitomala.

Mayankho amene amabwera ndi odziwika. Lina ndi lakuti, "Ine sindinakuuzeni kuti mutsale." Yankho lake lili m'tebulo momwemo: sitolo inali yotsegula, makiyi anali ndi bwana kapena manijala, ndipo wogulitsa sakanachoka kusiya makasitomala pa kauntala. Komabe pamenepa pali phunziro kwa wantchito. M'malo ena ovataimu amafuna chilolezo cholembedwa, ndipo munthu wotsala mwa kufuna kwake kuti amalize zimene anazengereza masana adzavutika kuitanitsa ndalama. Ngati fomu yotere ilipo, isainidwe tsiku lomwelo.

Lina ndi lakuti, "Malipiro anu ndi a zonse pamodzi." Wantchito afunse mwaulemu pamene zimenezo zinalembedwa, ndi kuti pa K208,000 ndalama ya maola a masiku onse ndi iti, ya ovataimu ndi iti. Ndime 51 ya lamulo lomwe lija imati wantchito azilandira kapepala kofotokoza malipiro ake nthawi iliyonse imene walipidwa, kosonyeza zimene wapeza ndi zimene zadulidwa. M'masitolo ambiri kapepalaka sikaoneka, ndipo kusowa kwake n'kumene kumabala mikangano yotereyi.

Tsiku la tchuthi limabweretsa mtsutso wakewake. Bwana ena amati tsikulo lili kale m'malipiro a pamwezi, choncho angowonjezera kamodzi kuti zikwane kawiri. Kalata ya mayi wathu yaima pa mawu a ndime 39, akuti ola la ovataimu wa tchuthi lilipidwe zosachepera kawiri. Ngati awiriwo sakumvana pa mzere umenewu, asalole kuti uimitse mizere ina isanu ndi umodzi. Zogwirizana zilipidwe, wotsalawo akaufunse kwa mkulu wa zantchito.

Bwana wina amavomera ngongole koma amati Januwale ndi mwezi wowuma, makasitomala apita kukagula feteleza ndi kulipira fizi. Zimenezi zimachitikadi. Kulandira pang'onopang'ono si kulakwa, bola zilembedwe: K35,250 kumapeto kwa Januwale, K35,250 kumapeto kwa Febuluwale, onse awiri asaine. Chimodzimodzi ngati bwana akufuna kupereka masiku opuma m'malo mwa ndalama, wantchito awerenge kaye asanavomere. K70,500 ndi malipiro a masiku pafupifupi asanu ndi anayi, choncho kupatsidwa masiku awiri n'kuuzidwa kuti nkhani yatha ndi kuluza. Ndipo asasaine pepala lonena kuti walandira zonse pamene walandira gawo chabe.

Chinthu chimodzi chisamudzidzimutse: ndalama za m'tebulo ndi za msonkho usanadulidwe. Ovataimu ndi gawo la malipiro, ndipo amadulidwa msonkho ngati malipiro ena onse. Ndalama yofika m'manja ikachepa ndi msonkho, bwana sanabe, koma kapepala ka malipiro kasonyeze zimenezo.

Tsiku likadutsa popanda yankho

Pa 19 Januwale pakadutsa bwana ali chete, kalata yachiwiri ikhale yaifupi: itchule tsiku la kalata yoyamba, ndalama yotsala, tsiku lina lomaliza, ndipo tsopano inene momveka kuti nkhaniyo ipita ku ofesi ya zantchito. Maofesi amenewa, amene anthu amangowatcha ku leba, ali m'maboma, pansi pa unduna wa zantchito. Ndime 64 imalola munthu aliyense wokhala ndi mkangano wa pantchito kuutengera kwa mkulu wa zantchito, amene amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuziyanjanitsa. Funso loyamba kumeneko limakhala lakuti ndi maola angati, masiku ati, ndipo munamuuza bwana wanu? Wofika ndi kope, tebulo ndi kalata yosainidwa wayankha kale zonse zitatu.

Zikakanika ku leba, nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Milandu kumeneko imatenga nthawi, ndipo palibe amene angafune kuyenda miyezi chifukwa cha K70,500 ngati nkhani ikanatha pa tebulo la bwana. Amene ali m'bungwe la ogwira ntchito ayambe wauza nthumwi yawo, chifukwa bwana amamva msanga akaona kuti wantchito sali yekha.

Mantha aakulu ndi a kuchotsedwa ntchito, ndipo si mantha opanda pake. Ntchito ndi zosowa, ndipo pakhomo pa sitolo iliyonse pamafika achinyamata ofunsa malo. Lamulo lili kumbali ya wodandaula: ndime 57 imati kudandaula kapena kutengera bwana ku mlandu si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito kapena kumulanga, ndipo ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera. Koma lamulo limagwira ntchito pamene pali umboni. Wochotsedwa patangotha sabata chiperekere kalata yokhala ndi tsiku ndi siginecha ali ndi chosonyeza ku leba. Wodandaula pakamwa pokha amangotsala ndi mawu ake kutsutsana ndi a bwana. Ndipo ntchito ikatha, ngongole ya ovataimu siifa nayo: lamulo limati zonse zimene wantchito ayenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Kwa eni masitolo, njira yopewera zonsezi ndi yotsika mtengo. Buku limodzi losainira lokhala ndi nthawi zoona, ndi kapepala ka malipiro kosonyeza maola a ovataimu ndi mlingo wake, n'zokwanira kuti Januwale adutse popanda kalata.

Kwa wogulitsa amene akuwerenga nkhaniyi ali ndi mwezi umene ukumuwawa mumtima, poyambira ndi pa kalendala ndi foni. Alembe masiku amene ali nawo umboni, agawe malipiro ake ndi 26 kenako ndi 8, achulukitse ndi 1.5 kapena 2, achotse zimene analandira. Ndipo kuyambira usiku uno, akafika pakhomo alembe nthawi imene waweruka asanavule nsapato.